Kalata ya kwa amfumu, ya ku boma ndi ya ku yunivesite: iliyonse ndi kayambidwe kake

"Bambo, ndine mlembi wa bungwe la alimi a kachewere kuno ku Domwe, Angonia, m'dziko la Mozambique. Tamanga nyumba yosungiramo mbewu nde potsegulira tikufuna pakhale amfumu athu, a Adiminisitiradolo omwe ndi mkulu wa boma lathu la Angonia, komanso aphunzitsi ena akuluakulu aku yunivesite ku Ulongwe omwe anatithandiza pa za mbewu. Ine sukulu ndinaphunzira ku Dedza, makalata akuno sindinawazolowere. Ndinalemba imodzi yoyamba ndi 'Okondedwa bwana' kuti ndizingosintha maina koma apampando akuti tichita nayo manyazi. Ndilembe bwanji?"

Alembi, mtima m'malo, palibe chomwe chaonongeka poti kalatayo sinatuluke pakhomo. Ndipo si inu nokha ayi, m'malire muno kuyambira ku Calomue mpaka ku Tsangano ndi Zobue kuli anthu ambirimbiri omwe sukulu anaphunzira tsidya linalo, ena nthawi ya nkhondo ija ena chifukwa sukulu yapafupi inali ya ku Malawi basi, nde akagwira cholembera m'mutu mumabwera a DC, a T/A, a gulupu, maudindo oti kuno kulibe. Apampando anu akunena zoona koma. Ine ndakalambira pa tebulo lolandira makalata mu ofesi ya boma ndipo chomwe ndinaona ndi chakuti anthu atatu mwatchulawo aliyense amawerenga mzere woyamba ndi diso lake. Amfumu amayang'ana ngati mwatchula dzina la ufumu, ku boma amayang'ana ngati mwalembera mpando woyenera, pomwe aphunzitsi amayang'ana ngati mwalemba sukulu yawo momwe ilili. Nde makalata akhale atatu, ndipo awiri mwa iwo m'Chipwitikizi.

Tiyambe ndi amfumu chifukwa ndi omwe ayenera kumva koyamba, ngakhale tsiku lisanakhazikike. Apa cholakwika chachikulu sichikhala mawu aulemu ayi koma dzina. Mfumu ili ndi maina awiri, lobadwa nalo lomwe lili pa chitupa ndi la ufumu lomwe inalowa tsiku lomwe anaiveka. Inu mukulembera la ufumulo. Ngakhale amfumuwo akhale mnyamata woti munkasewera naye mpira wachikulunga, pakalata ndi "Amfumu a Uje", dzina lomwe agogo ake ankadziwika nalo, osati "Bambo Uje" dzina la pa chitupa. Kulemba lobadwa nalo kuli ngati kuwavula chipewa pagulu, amangoona kuti mwawatsitsa kukhala munthu wamba wam'mudzi. Dzina la pa chitupa limafunika pokhapokha pa mapepala a boma oti asainire, monga pa za malo, ndipo apo mumalemba onse awiri.

Kenako funsani kuti kwanuko amfumuwo amatchedwa chiyani, osaganizira. Ku Domwe ndi dziko la Angoni a kwa Maseko, omwewo omwe malire a 1891 anawadula pakati ena nkutsala kwa Gomani ku Ntcheu ena kuno, nde kuli mainkosi, kuli nduna, kuli anyakwawa, ndipo kasanjidwe kake sikafanana ndendende ndi ka kwa Achewa aku Furancungo kapena ku Chifunde omwe chaka ndi chaka amapita ku mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika. "Bayete" ndi wa inkosi. Mukamulembera nyakwawa wa mudzi umodzi kuti "Bayete Nkosi" musaganize kuti mwamusangalatsa, mwamuika pamoto, chifukwa kalata ya mfumu simawerengedwa mobisa, amaiwerenga mokweza nduna zili pompo ndipo mawa lake inkosi yeniyeniyo yamva kale kuti kumunsi kuno wina wayamba kulandira ulemu wake. Chimodzimodzi "Yoo Gawa" ndi wa Gawa yekha. Ulemu wopyola muyezo umalakwika mofanana ndi woperewera, ichi muchigwire chifukwa tikumana nacho pa makalata onse atatu. Ngati simunatsimikize, "Amfumu" ndi "Gogo" sizinalakwitsepo munthu, ndipo ngati mfumuyo ndi mayi m'Chichewa ndi amfumu ndithu, aku boma ndi omwe amati rainya.

Mawu oti regulo ndi oti lida wa komunidadi, omwe aku boma amatchulira mafumu, asiyeni ku mapepala a boma. Paja ufulu utabwera mu 1975 maufumu anaikidwa pambali, anadzawabwezera ulemu ndi lamulo la nambala 15 la chaka cha 2000, lomwe linadzalowedwa m'malo ndi la nambala 35 la 2012, ndipo malamulo amenewo anaika mafumu m'thumba limodzi ndi masekeretale a midzi ndi atsogoleri ena osankhidwa ndi anthu, nkuwagawa m'magawo atatu, loyamba lachiwiri ndi lachitatu, ndi yunifolomu yake. Nde mfumu yamagazi mukaitchula kuti lida imaona ngati mwaifananiza ndi sekeretale. Ena salabadira koma achikulire ambiri zimawawawa.

Kalata yake ikhale ya Chichewa, yaifupi, chonchi:

Kwa Amfumu a Uje,
Mudzi wa Uje, Domwe.

Zikomo Gogo,

Ife ana anu a bungwe la alimi a kachewere tati tikudziwitseni kuti nyumba yosungiramo mbewu ija, pamalo munatipatsa paja, yatha. Tikupempha kuti mudzatitsogolere pa mwambo wotsegulira tsiku lakuti nthawi yakuti, ndiponso kuti mudzatilandirire alendo ochokera ku boma ndi ku Ulongwe.

Ife ana anu,
Apampando ndi Alembi.

Mwaona kuti mawu oti "tikukuitanani" mulibemo? Mwini nthaka saitanidwa ngati mlendo pa nthaka yake yomwe, amadziwitsidwa ndipo amapemphedwa kutsogolera. Ndipo "Okondedwa" uja ngwa kalata ya kwa malume kapena chibwenzi, kwa amfumu ayi. Mukadziwa mfunda wawo mutha kuthokozera pamenepo kumapeto, Angoni zimenezi amazikonda kwabasi, koma ukhale mfunda wawo weniweni osati wongomva mumsewu. Kalatayo isapite ndi mwana wasukulu, isapitenso pa watsapu ngakhale amfumuwo ali ndi foni yapamwamba kuposa yanu. Mupite awiri kapena atatu, mudzere kwa nduna, nduna ndi yomwe ikulowetseni ndipo ndi yomwenso ikuuzeni ngati kumeneko amapita chimanjamanja kapena ayi. Kunena zoona kalata ya kwa mfumu imangotsatira mawu apakamwa, ndi umboni chabe woti munabwera.

Pali msampha umodzi woti musaupondeko. Ngati ufumu wa kwanuko uli pa mkangano, wina ali ndi yunifolomu ya boma pomwe mbumba ikuti mfumu yathu ndi uyu, musalembe dzina la munthu aliyense, lembani la ufumu lokha, ndipo musanapereke kafunseni kwa shefi wa lokalidadi ndi kwa akuluakulu a mbumba kuti ipite kwa yani. Ndinaonapo bungwe lina la amayi likulephera kutsegulira chigayo chifukwa cha ka dzina kamodzi pa envelopu, mbali inayo inangoti ndiye kuti mwasankha kale mfumu yanu, pitani nayo.

Tsopano ku boma. Uku Chichewa chanu chokoma chija chisungeni m'thumba, mudzachilankhula pa tsikulo, pepala likhale la Chipwitikizi poti ndiye chilankhulo cha ntchito za boma. Ndipo zinthu zimatembenuka, kwa amfumu timafuna dzina, ku boma dzina silifunika nkomwe, mukulembera mpando. Ma adiminisitiradolo amasinthidwa, mutha kulemba dzina la yemwe munamuona pa msonkhano chaka chatha pomwe anasamutsidwa kalekale, nde kalata ya dzina la munthu yemwe kulibe anyamata apa sekeretariya sadziwa koti aipititse, ena amaiona ngati ya iye mwini osati ya ofesi nkuiika pambali. Pamwamba palembedwe chonchi, chilembo ndi chilembo:

Exmo. Senhor
Administrador do Distrito de Angónia
Ulónguè

Assunto: Convite

Chomwe muyenera kufunsa ndi chimodzi basi, pampandopo pali bambo kapena mayi? Akakhala mayi zimasintha zonse ziwiri, Exma. Senhora Administradora. Anthu ambiri amasintha kumodzi nkuiwala kwinako, Exmo. Senhora, ndipo ndi pomwe diso la wowerenga limayambira kugwa.

M'kati mwa kalata simulemba você ngakhale pang'ono, kapena o senhor, mumalemba V. Excia. Chiganizo choyamba cha kalata yoitana chimayenda motere: A Associação (dzina la bungwe lanu) tem a honra de convidar V. Excia. para a cerimónia de inauguração do armazém de semente, kenako tsiku, ola ndi malo, kutchula mudzi, lokalidadi ndi Posto Administrativo de Dómuè. Potseka Com os melhores cumprimentos zakwana, pansi malo ndi deti, asaine apampando osati inu, ndipo padindidwe karimbo ya bungwe ngati muli nayo. Chenjerani ndi omwe amalemba makalata pa malo otayipira aja, ambiri anazolowera rekerimento nde paliponse amangomata vem mui respeitosamente requerer ndi Pede deferimento kumapeto. Amenewo ndi mawu a munthu wopempha chilolezo kapena chikalata, woti akudikira kuti bwana alembe kuti ndavomera kapena ndakana. Inu simukupempha chilolezo, mukuitana mlendo. Mukasakaniza, kalata yanu itha kulowa mu mulu wa zopempha nkumadikira nthawi yake pomwe tsiku lanu likudutsa.

Nanga Sua Excelência yomwe mumaimva pa wailesi? Pamisonkhano mumva ndithu oyendetsa mwambo akuiwaza kwa aliyense wovala tayi, koma papepala ine ndimalangiza kuti pamwamba pa kalata muisungire a Pulezidenti, nduna za boma ndi akuluakulu a chigawo. Kwa bwanamkubwa pa envelopu ndi Sua Excelência o Governador da Província de Tete, poyamba kalata Excelência, ndipo m'kati Vossa Excelência. Kusiyana kwake nkwakuti Sua mumanena za iwo, ndi ya pa envelopu yomwe akuwerenga ndi wina, pomwe Vossa mukulankhula nawo maso ndi maso. Ndikudziwa simunafunse za ku Tete koma mabungwe akakula amafikako, nde dziwiranitu kuti chiyambire 2020 chigawo chakhala ndi akuluakulu awiri, bwanamkubwa wochokera m'chisankho ndi Secretário de Estado na Província woikidwa ndi a Pulezidenti, aliyense ndi ofesi yake. Osawaphatikiza pa kalata imodzi, ndipo funsani kaye kuti nkhani yanu ili m'manja mwa uti.

Tibwerere ku Angonia. Ulemu wa ku boma si mawu okha, ndi njiranso yomwe kalata yadzera. Pakati pa inu ndi a Adiminisitiradolo pali shefi wa lokalidadi ndi shefi wa positu ya Domwe, ndipo akamva mochedwa kuti bwana wawo akubwera m'dera lawo iwo osadziwa, aaa mwadzipalira nokha, ntchito zanu zonse zam'tsogolo zidzadzera pa matebulo omwewo. Aliyense alandire yake, Exmo. Senhor Chefe do Posto Administrativo de Dómuè, ndipo poti nkhani ndi ya ulimi musaiwale a Director do Serviço Distrital de Actividades Económicas, kumene kuli alangizi anu, kawirikawiri ndi omwe amafunsidwa ngati bungwe lanu ndi lenileni ndipo bwana akatanganidwa ndi omwe amatumidwa. Pitani ndi makope awiri, imodzi musiye pa sekeretariya, inayo akudindireni karimbo ya tsiku lomwe yalowa mubwerere nayo. Kopanda kope yodindidwayo mukadzapita kukafunsa adzangokuuzani kuti sitinaione ndipo mulibe poyambira. Ipite kudakali masabata awiri kapena atatu, ndipo pansi muikepo nambala ya foni ya munthu woti amayankha.

Aphunzitsi aku yunivesite ndi pomwe anthu ophunzira ku Malawi amagwa kwambiri chifukwa mawu ndi omwewo koma kulemera kwake nkosiyana. Tsidya lija Dr. ndi dokotala wa kuchipatala kapena munthu yemwe anafika pa digiri yapamwamba penipeni, ndipo pulofesa ndi mutu wa onse. Kuno Dr. wachidule, ena amalemba ndi d wamng'ono, amapatsidwa kwa aliyense yemwe anamaliza digiri yoyamba, lisensiyatura, nchifukwa chake mu ofesi iliyonse mumamva dotolo dotolo. Ndipo professor payekha ndi mphunzitsi aliyense, ngakhale wa kalasi yoyamba pa sukulu ya kumudzi kwanu. Nde munthu yemwe anavutika zaka zambiri mpaka kutenga digiri ya udotolo mukamulembera Dr. Uje mwamubweza pa digiri yoyamba, mukamulembera Professor Uje mwamuika pamodzi ndi aphunzitsi apulaimale. Wake ndi Doutor wolembedwa yense osadula, ndipo ngati akuphunzitsa pa yunivesite ndi Prof. Doutor, mayi Prof.ª Doutora. Yemwe ali ndi digiri yachiwiri ndi Mestre. Ndipo poti anu ndi a zaulimi nkutheka ndithu kuti ndi injiniya wa zaulimi, amenewo ambiri amakonda Eng.º kuposa Dr., mayi Eng.ª.

Apa dzina ndi lofunika, lonse, lolembedwa bwino:

Exmo. Senhor
Prof. Doutor (dzina lonse)
Faculdade de Ciências Agrárias
Universidade Zambeze
Ulónguè

Koma musalembe Prof. Doutor chifukwa choti ali ndi imvi kapena amabwera pa galimoto. Ndi nkhani ija ya nyakwawa ndi Bayete, kalata ikadzera pa sekeretariya ya fakulidadi anzawo amaiona, ndipo munthu yemwe akadali pa sukulu ya udotolo kumulembera kuti Doutor amachita manyazi, ena amamuseka kuti mwamaliza liti osatiuza. Kudziwa kwake nkosavuta, onani pansi pa imelo kapena lipoti lililonse lomwe anakulemberani, momwe amadzilembera okha ndi momwemo, kapena imbani ku sekeretariya mufunse, safunsa chifukwa. Maudindo a ntchito aja, Professor Auxiliar, Associado, mpaka Catedrático yemwe ndi wapamwamba pa onse, pa envelopu mutha kuwasiya, koma ngati alidi Catedrático muuzeni woyendetsa mwambo adzatchule, ngochepa m'dziko muno ndipo anakhetsera thukuta.

Chinanso, mphunzitsi ndi wantchito, tsiku la ntchito sangangonyamuka kupita ku Domwe. Ngati mukufuna abwere m'dzina la sukulu, mwina ndi galimoto ya sukulu ndi ophunzira angapo, kalata yeniyeni ipite kwa Exmo. Senhor Director da Faculdade, m'katimo nkutchula kuti mukupempha aphunzitsi akutiakuti omwe munagwira nawo ntchito, iwowo muwapatse kope. Magnífico Reitor ndi wa mkulu wa yunivesite yonse yekha, wa yunivesite imeneyi amakhala ku Beira, nde musamulembere mkulu wa fakulidadi choncho. Ndinaonapo envelopu ina italembedwa Sua Excelência Magnífico Professor Doutor Engenheiro zonse pa munthu mmodzi, mwini kalata ankaona ngati akaunjika ndiye kuti imodzi igwira kkkk. Ziwiri zokwanira, mawu aulemu amodzi ndi digiri imodzi yapamwamba pa zonse zomwe ali nazo.

Mukatumiza pa imelo kapena pa watsapu, poti aphunzitsi ambiri amayankha msanga kumeneko, kalata yosainidwa ija muijambule bwino muitumize, ndipo uthenga woperekeza uyambe ndi moni ndi udindo wawo, Bom dia, Senhor Professor, kenako mudzitchule kuti ndinu ndani wa bungwe liti. Osangoponya chithunzi chopanda mawu usiku pakati.

Za pa tsikulo pang'ono, poti pulogalamu mulembanso ndinu. Maudindo omwe mwalemba pa makalata akhale omwewo pa pepala la woyendetsa mwambo, osati pakalata Prof. Doutor pa maiki nkukhala "a dotolo ena ochokera ku Ulongwe". Popereka malonje pa mwambo womwe pali boma amayamba ndi wamkulu wa boma yemwe alipo nkumatsika, koma polankhula zimayenda chobwerera, ang'onoang'ono amayamba, amfumu amalandira alendo kumayambiriro monga eni nthaka ndipo a Adiminisitiradolo amatsekera, akatha iwo pasaimenso wina kuti ndiwonjezereko pang'ono. Akatumiza nthumwi, itchuleni ndi udindo wake kenako nkunena kuti ikuimira a Adiminisitiradolo, ndipo ikhale pa mpando womwe munakonzera bwanawo. Pepala limeneli musanalisindikize kalionetseni ku sekeretariya ya positu, iwo ndi omwe amadziwa kuti akubwera ndani ndipo akhala motani, ndipo mbali ya mafumu muionetse nduna ija, makamaka ngati kubwere mafumu oposa imodzi chifukwa woyamba kutchulidwa ndi nkhani yoti anthu atha kunyanyala nsima.

Makalata a Chipwitikiziwo mukalemba, apatseni aphunzitsi apa sukulu yapafupi kapena mlangizi wanu wa zaulimi awerenge musanasindikize, aone makamaka timizere tapamwamba pa zilembo ndi za bambo kapena mayi zija. Koma ngati m'tsogolo muno mudzalembe zopempha chikalata cha malo a nyumbayo kapena kulembetsa bungwe, imeneyo ndi rekerimento yeniyeni, ili ndi kalembedwe kake ndi mapepala oyenda nayo, musadzatengere pa kalata yoitanayi, kafunseni chitsanzo ku ofesi komwe mukaperekeko amakupatsani.